Kalata Ipite Liti? Kusunga Madeti a Lendi ndi Makontrakiti pa Kalendala

Bizinesi ikalowa mgwirizano wa chaka chimodzi ndi kampani ya alonda kuyambira pa 1 Julayi 2026, aliyense mu ofesimo amadziwa kuti udzatha pa 30 Juni 2027. Tsikulo lili patsamba loyamba, ndipo ndi limene mlembi amalizunguliza ndi cholembera chofiira pa kalendala ya pakhoma. Koma mukatsegula masamba a mkati, nthawi zambiri mumapeza kandime kakuti mgwirizanowu udzapitirira wokha kwa chaka china pokhapokha mbali imodzi italemba kalata yokana kusanatsale masiku 60. Mukawerenga masikuwo chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 30 Juni, mufika pa 1 Meyi. Ndiye kuti bwana amene akuyembekeza kuti adzakambe za alondawo mu Juni adzapeza kuti mpata unatsekeka kale. Ngati amalipira K1,200,000 pamwezi, kusalemba kalata imodzi kwamumangirira ku K14,400,000 ya chaka china, ndi alonda omwewo amene ankafuna kuwasiya.

Apa ndi pamene pali nkhani yonse yosonkhanitsa madeti a migwirizano. Tsiku lotha mgwirizano n'losavuta kulipeza, koma kawirikawiri si limene limafuna kuti muchitepo kanthu. Tsiku lofunika ndi lomaliza limene kalata yanu iyenera kukhala itafika m'manja mwa mbali inayo, ndipo tsiku limeneli silinalembedwe paliponse. Mumachita kuliwerengetsera nokha potolera mawu a m'ndime zitatu kapena zinayi zimene zili patalipatali m'pepala lomwelo.

Kuti tione mmene ntchitoyi imayendera, tiyerekeze sitolo yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Limbe. Ili ndi migwirizano inayi: lendi ya nyumba imene akugulitsiramo, alonda amene tatchula aja, intaneti, ndi makina ochitira fotokope amene anabwereka ku kampani ina. Madeti ndi ndalama zake n'zongoyerekezera, koma ndime zake ndi zamtundu umene umapezeka m'migwirizano yambiri.

Ntchito yoyamba ndi yotopetsa ndipo ilibe njira yachidule: kusonkhanitsa mapepala enieniwo. Akuti enieni tikunena kope losainidwa ndi mbali zonse ziwiri, osati lija limene linatumizidwa pa imelo pamene ankakambirana, chifukwa nambala ya miyezi imatha kusintha pa tsiku losaina. Muyeneranso kufufuza makalata onse amene anabwera pambuyo pake. Kakalata ka tsamba limodzi kowonjezera miyezi isanu ndi umodzi pa lendi kamasintha deti iliyonse imene mungawerengetsere, koma nthawi zambiri kamakhala m'dirowa ya munthu wina, osati mu fayilo ya mgwirizanowo. Njira yabwino yodziwira ngati mwatola zonse si kufunsa anthu kuti akukumbukira migwirizano ingati. Pitani kwa akauntanti muone ndalama zimene zimatuluka mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka kupita kwa munthu mmodzimodzi. Malipiro aliwonse obwerezabwereza ali ndi pangano kumbuyo kwake, ndipo ngati pepala lake silikupezeka, lembani kalata yopempha kope kwa mbali inayo lero lomwe.

Tiyambe ndi lendi, poti ndiyo ikhoza kugwetsa bizinesi yonse. Pepala likuti sitoloyo yatenga nyumba kwa zaka zitatu kuyambira pa 1 Epulo 2024. Zaka zitatu zimenezi zimakwana pa 31 Malichi 2027, osati pa 1 Epulo, chifukwa tsiku loyambira limawerengedwa. Ndime ina ikupatsa wochita lendi ufulu wowonjezera zaka zina zitatu, bola alembere mwininyumba kusanatsale miyezi itatu, komanso osafulumira kuposa miyezi isanu ndi umodzi. Choncho pali mpata wokhala ndi poyambira ndi pothera. Ukutseguka chakumayambiriro kwa Okutobala 2026 n'kutsekeka pa 31 Disembala 2026. Kalata yolembedwa mu Ogasiti, ngakhale ikuonetsa khama, mwininyumba akhoza kuikana kuti yabwera nthawi yake isanakwane.

Koma pa 31 Disembala si pamene tilembe. Maloya amatha kukangana ngati tsiku lolandira kalata ndi tsiku lotha mgwirizano akuwerengedwa kapena ayi, ndipo inu simukufuna kukhala chitsanzo cha mkangano umenewo. Pakakhala mawerengedwe awiri, tengani ofulumira. Tabwerera pa 30 Disembala. Tsopano pitani chakumapeto kwa mgwirizanowo, ku ndime imene anthu ambiri saiwerenga, yonena za katumizidwe ka makalata. M'chitsanzo chathu ikuti kalata iperekedwe pamanja ku adiresi imene yalembedwa, kapena itumizidwe pa positi yolembetsa, ndipo yapapositi idzatengedwa kuti yafika pakapita masiku asanu ndi awiri. Ngati mukufuna kudzera ku positi, tsiku lanu latsikanso kufika pa 23 Disembala. Aliyense amene anayesapo kupeza bwana wa kampani m'sabata ya Khirisimasi akudziwa kuti masiku amenewo maofesi ambiri amakhala okhoma, kapena mumangopeza mlonda pageti amene sangakusainireni chilichonse. Munthu wanzeru alemba kuti kalata ikhale itaperekedwa pamanja pofika Lachiwiri pa 15 Disembala, ndipo kope lake libwere litasainidwa, kudindidwa ndi kulembedwa deti ndi wolandirayo.

Kalatayonso siingalembedwe eni sitolo asanagwirizane ngati akukhala kapena akusamuka. Kuti agamule zimenezo afunika kuona mitengo ya nyumba zina, kufunsa kuti lendi yatsopano idzakhala ndalama zingati, mwinanso kuonana ndi loya. Tinene kuti zimenezi zifuna miyezi iwiri ndi theka. Ndiye chikumbutso choyamba chikhale pa 1 Okutobala 2026. Mwaona mmene deti imodzi ya 31 Malichi 2027 yabalira madeti anayi: loyamba kukambirana, loperekera kalata, lomaliza mwalamulo, ndi lotha lendi. Onse anayi alowe pa kalendala, koma limene liyenera kulira mokweza ndi loyamba lija.

Chifukwa chokhwimitsira chonchi n'chakuti makhoti otsatira malamulo ochokera ku Mangalande, monga a ku Malawi ndi ku Zambia, amaona nthawi yogwiritsa ntchito ufulu wowonjezera lendi ngati chinthu chosapindika. Mukachedwa, ufuluwo wapita, ndipo chotsala n'kupempha chifundo kwa mwininyumba, amene tsopano ali womasuka kutchula mtengo umene akufuna kapena kupatsa wina nyumbayo. Ndime zoterezi nthawi zambiri zimawonjezanso kuti wochita lendi akhale wopanda ngongole komanso wosaphwanya pangano lililonse. Choncho pa chikumbutso cha 1 Okutobala chija lembaninso kuti akauntanti atsimikize kuti lendi yonse, madzi ndi magetsi zalipidwa, ndipo malisiti ake alipo.

Ena amadzitonthoza kuti ngakhale lendi itatha, mwininyumba akulandirabe ndalama, ndiye zonse zili bwino. N'zoona kuti mwininyumba akapitiriza kulandira lendi pambuyo pa tsiku lotha, kawirikawiri lamulo limaona kuti pali mgwirizano watsopano woyenda nyengo ndi nyengo, monga mwezi ndi mwezi. Koma umenewu ndi mgwirizano umene ukhoza kuthetsedwa ndi notisi yaifupi. Sitolo yokhala ndi matumba a simenti ndi malata odzaza nyumba siingasamuke m'mwezi umodzi osataya makasitomala.

Za alonda tazikamba kale mbali yaikulu, koma tionepo zinthu ziwiri. Choyamba, kuopsa kwake ndi kotembenuza. Pa lendi, mukakhala chete mumataya chimene mumafuna. Pa alonda, mukakhala chete mumamangidwa ku chimene simukuchifuna. N'chifukwa chake pa mzere wa mgwirizano uliwonse payenera kukhala danga loyankha funso lakuti: tikapanda kuchita kanthu, chichitike n'chiyani? Yankho lake ndi mawu ochepa chabe, monga "utha", "upitirira chaka china" kapena "uyenda mwezi ndi mwezi", koma ndi limene limauza bwana wotanganidwa kuti mzere uwu ndi wofunika kuuthamangira. Chachiwiri, pa 1 Meyi 2027 ndi Loweruka, komanso ndi tsiku lokumbukira anthu apantchito. Migwirizano ina imanena kuti tsiku lomaliza likagwera pa holide limasunthira kutsogolo, ina siinena kanthu. Musadalire kuti lisunthira kutsogolo. Bwererani pa Lachisanu, 30 Epulo, ndipo kalata yeniyeniyo ipite mkati mwa Epulo.

Pano ndiyenera kuchenjeza za chizolowezi chimene chafala, chotenga miyezi itatu ngati masiku 90. Nthawi zina zimagwirizana mwangozi: kuchokera pa 31 Malichi 2027, masiku 90 ndi miyezi itatu zonse zikufika pa 31 Disembala, chifukwa Febuluwale ndi wamfupi. Koma mgwirizano wotha pa 31 Okutobala, miyezi itatu ikufikitsani pa 31 Julayi pamene masiku 90 akufikitsani pa 2 Ogasiti. Amene wawerenga masiku pomwe pepala likunena miyezi wachedwa ndi masiku awiri, ndipo sadziwa n'komwe. Lembani nthawi ya notisi monga mmene pepala lanenera, miyezi ikhale miyezi, masiku akhale masiku. Ngati likunena masiku ogwira ntchito, chotsanimo Loweruka, Lamulungu ndi maholide onse.

Mgwirizano wa intaneti uli ndi msampha wina. Unasainidwa pa 10 Febuluwale 2026 ndipo ndi wa miyezi 24, koma ndime yake ikuti miyeziyo iyamba kuwerengedwa pa tsiku limene amisiri alumikiza n'kuyatsa. Tsiku limenelo simulipeza mu mgwirizanomo. Lili pa kapepala kamene wina wa m'sitolomo anasainira amisiriwo atamaliza ntchito, kapena pa invoisi yoyamba. Tinene kuti analumikiza pa 2 Malichi 2026. Ndiye mgwirizano utha pa 1 Malichi 2028, osati mu Febuluwale. Wowerenga kuchokera pa tsiku losaina akhoza kudula intaneti kudakali milungu itatu, n'kulandira bilu ya chindapusa chothetsa mgwirizano nthawi isanakwane. Pamene tsiku loyambira likudalira chochitika china, lembani pa mzerewo kuti mwalitenga pa pepala liti, ndipo ngati pali kukayika, pemphani kampaniyo ikutsimikizireni m'kalata tsiku limene iyo ikuwerengera.

Makina a fotokope alibe tsiku lotha. Mgwirizano wake umangoyenda mpaka wina atapereka notisi ya mwezi wathunthu yothera kumapeto kwa mwezi. Palibe deti yoika pa kalendala, koma lamulolo lilembedwe, chifukwa notisi yoperekedwa pa 2 Malichi ikutanthauza kulipira mpaka pa 30 Epulo, pamene yoperekedwa pa 27 Febuluwale ikanakumasulani pa 31 Malichi. Dzipatseni tsiku limodzi pachaka loti mufunse ngati makinawo akufunikabe.

Tsopano madeti onsewa akhale kuti? Ine ndimaona kuti pamafunika zinthu ziwiri zogwira ntchito limodzi: kaundula ndi kalendala. Kaundula ndi tebulo, kaya m'buku lachikuto cholimba kapena pa Excel kapena Google Sheets, mzere umodzi pa mgwirizano uliwonse. Mmenemo mumalowa dzina la mbali inayo, tsiku loyambira, kutalika kwake, tsiku lotha, nthawi ya notisi, katumizidwe ka kalata ndi adiresi yake, zimene zichitike mukakhala chete, ndi dzina la munthu amene ali ndi udindo wolemba kalatayo. Danga limene ndingaumirire kuposa onse ndi la nambala ya ndime ndi tsamba pamene mwatenga deti iliyonse. Popanda limeneli, pakapita chaka wina akakayikira deti, ayenera kuwerenganso masamba onse. Likakhalapo, amatsegula pa ndime 14, n'kutsimikiza m'mphindi ziwiri.

Pakompyuta, lolani makina awerengetsere m'malo molemba madeti pamanja. Tiyerekeze kuti tsiku loyambira lili mu danga B, lotha mu D, lomaliza la notisi mu E, ndipo maholide a chakacho mwawandandalika mu H:

```
=EDATE(B2,36)-1
=EDATE(D2,-3)-1
=D3-60
=WORKDAY(E3+1,-1,H2:H20)
```

Mzere woyamba ukupeza tsiku lotha lendi ya miyezi 36, ndipo pa 1 Epulo 2024 upereka 31 Malichi 2027. Wachiwiri ukubwerera miyezi itatu n'kuchotsa tsiku limodzi lodzitetezera, kupereka 30 Disembala 2026. Wachitatu ndi wa alonda. Wachinayi umatenga tsiku limene lapezekalo, ndipo likagwera kumapeto kwa sabata kapena pa holide, umalibwezera pa tsiku logwira ntchito la m'mbuyo mwake. Ubwino wake ndi wakuti kalata yowonjezera nthawi ikabwera, mumasintha danga limodzi, madeti ena onse n'kutsatira okha.

Chenjerani ndi kalembedwe ka madeti. Makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa mwa Chimereka, moyambira mwezi kenako tsiku. Mukalemba 01/05/2027 mukuganiza za 1 Meyi, makinawo akhoza kumva 5 Januwale, osakuuzani kanthu. Chizindikiro choti zasokonekera n'chakuti madeti ena amatsamira kumanja kwa danga, ena kumanzere. Otsamira kumanzerewo makina sakuwaona ngati madeti koma ngati mawu wamba, monga 31/03/2027 pa kompyuta imene ikudziwa kuti kulibe mwezi wa 31. Tcherani danga lonse kuti lizionetsa dzina la mwezi, kuti diso ligwire cholakwika msanga.

Ngati mgwirizano muli nawo pakompyuta, mukhoza kufulumizitsa kusaka ndime podina Ctrl+F n'kulemba zidutswa za mawu awa, poti migwirizano yambiri kuno imalembedwa m'Chingerezi:

```
commence
expir
renew
terminat
notice
review
```

Komatu izi zimathandiza pokhapokha fayiloyo ili ndi mawu enieni. Pepala lojambulidwa ndi foni kapena sikana ndi chithunzi chabe, ndipo kusakako kukakuuzani kuti palibe chapezeka, sindiye kuti ndimeyo mulibe. Kusakako sikuonanso zimene wina anakonza ndi cholembera m'mphepete mwa tsamba, mbali zonse n'kusainapo. Ulendo woyamba, mgwirizano uliwonse uwerengedwe wonse ndi maso, ndipo munthu wachiwiri awerengetsere madeti payekha osaona a mnzake. Akasiyana, pamenepo ndiye pali ndime yosamveka bwino, yoyenera kupita nayo kwa loya.

Kaundula salira, n'chifukwa chake pakufunika kalendala. Deti iliyonse yofuna kuchitapo kanthu ilowe ngati chochitika pachokha, ndi mawu onena ntchito yake, monga "Perekani kalata yowonjezera lendi, pamanja, ndime 14". Mawu akuti "Lendi" okha sauza munthu chochita. Ogwiritsa ntchito Google Calendar adziwe kuti chikumbutso chake sichingaikidwe patali kuposa milungu inayi chochitikacho chisanafike. Amene wangolemba 31 Malichi n'kudalira kuti foni imukumbutsa, idzamudzutsa kumayambiriro kwa Malichi, mpata utatsekeka miyezi iwiri yapitayo. Kalendalayo ikhale ya ofesi, yoonedwa ndi anthu osachepera awiri, osati ya pa foni ya munthu mmodzi amene akhoza kusiya ntchito, kudwala kapena kuberedwa foniyo mu minibasi. Ndipo kamodzi pamwezi, tsiku lodziwika, wina atsegule kaundula n'kuwerenga mokweza pamaso pa bwana zonse zimene zikubwera m'miyezi isanu ndi umodzi ya kutsogolo. Chikumbutso cha pafoni munthu amachikankhira pambali ndi chala chimodzi. Funso la mnzako pamsonkhano silikankhika chotero.

Migwirizano yaitali kwambiri ndi imene imaiwalika kotheratu, chifukwa amene anaisaina sakhalapo pa tsiku lotha. Malo ambiri a m'matauni a ku Malawi ali pa lizi ya zaka 99, imene palibe amaiganizira. Koma alimi ambiri amene anatsegula maesiteti a fodya wa bale m'zaka za m'ma 1980 anatenga lizi ya zaka 21, ndipo yoyamba mu 1985 inatha mu 2006. Mabanja ena amadzazindikira zimenezi pamene akufuna kugulitsa malowo kapena kuwapereka ngati chikole ku banki. Ngati banja lanu kapena mpingo wanu uli ndi pepala la malo, nalonso lilowe mu kaundula, pamodzi ndi tsiku lolipira lendi ya malo ya chaka ndi chaka.

Kalata ikaperekedwa, mzerewo sunathe. Ngati eni sitolo ya ku Limbe asankha kukhala, lembani tsiku limene kalata inalandiridwa ndi malo amene kope losainidwa lasungidwa, kenako tsegulani mzere watsopano woyambira pa 1 Epulo 2027 mpaka 31 Malichi 2030. Muwerengenso ndime yowonjezera ija, chifukwa ufuluwo nthawi zambiri umaperekedwa kamodzi kokha, ndipo ulendo wachiwiri mudzafunika kuyamba kukambirana msanga kuposa poyamba. Ngati asankha kusamuka, ndime zina zimadzuka: kupenta ndi kukonza nyumba isanabwezedwe, kuyendera nyumbayo limodzi ndi mwiniwake, kuwerenga mamita a madzi ndi magetsi, kubweza makiyi, ndi tsiku limene dipoziti iyenera kubwezedwa. Muyang'anenso migwirizano ina itatu ija, poti inamangidwa pa adiresi imene mukuchokapo. Alonda alipiridwa mpaka 30 Juni 2027 ndipo intaneti mpaka 1 Malichi 2028, choncho funso lakuti kodi makampaniwo alola kusamutsa ntchito zawo kupita ku malo atsopano, ndipo pa mtengo wanji, liyenera kufunsidwa pa msonkhano wa 1 Okutobala womwe uja, eni sitolo asanagamule zochoka.